35 peresenti ya chiyani? Lipoti la nkhani ya dipoziti ya zitseko ndi mawindo

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Lilongwe. Ndimalembera magolosale angapo, mashopu awiri a zipangizo zomangira, komanso gulu limodzi la banki m'khonde la amayi a ku tchalitchi kwathu. Nkhani yomwe ndikulemba pano inandipeza mu Ogasiti 2024 kudzera m'gulu lomweli. Mayina a anthu ndi a shopu sinditchula, koma ziwerengero zonse ndazisiya monga zinalili, chifukwa phunziro la nkhaniyi lili mu ziwerengerozo.

Mayi wina wa m'gululi anali atangoferedwa amuna awo mu Juni. Malemuwo ankamanga nyumba ku Area 25, ndipo imfa inawapeza nyumba itafika pofoleredwa koma ilibe zitseko ndi mawindo. Mu Malichi anali atapita kwa owotcherera zitsulo kukaoda zitseko, mafelemu a mawindo ndi geti, n'kupereka dipoziti. Zonsezi ankayendetsa okha. Mayiwo ankangodziwa kuti "abambo analipirako kale," koma mtengo wa katundu yense sankaudziwa. Kotesheni anaifunafuna m'nyumba monse osaipeza. Chomwe chinapezeka, m'thumba la jekete, ndi lisiti limodzi lolemba pamanja, lopindidwa kanayi, inki itayamba kufufutika m'mizere yopindamo. Linali ndi deti, chidindo cha shopu, ndalama K1,260,000, ndi mzere umodzi wonena kuti ndalamayi ndi dipoziti ya 35%.

Owotcherera zitsulo salandira dipoziti mwachisawawa. Ndalamayo ndi yomwe amagulira machubu, mapuleti, ndodo zowotcherera ndi penti, kuti asaike ndalama zawo pa katundu woyezedwa molingana ndi nyumba ya munthu mmodzi, yemwe mwina sadzabweranso. Ena amaitchula chikole, koma pamenepa mawuwa amasokoneza. Chikole chimabwezedwa ngongole ikatha. Dipoziti ya mtundu uwu sibwezedwa, ndi gawo la mtengo lomwe laperekedwa kale, ndipo imachotsedwa pa ndalama yonse tsiku lotenga katundu.

Mmene mkangano unayambira

Maliro atatha, a ku shopu anaimba foni kunena kuti katundu anatha kalekale, akungodzaza malo, ndipo balansi ndi K2,934,000. Mayiwo anaitana alamu awo, mng'ono wa malemu, amene anatenga lisiti lija n'kuwerengera pa foni. Iwo anapeza kuti yotsala ndi K819,000. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kukuposa K2 miliyoni, ndiye mungaganizire mmene mitima inatenthera. Pabanjapo panamveka mawu akuti a shopu aona kuti mwini wake wapita ndiye akufuna kudyera masuku pamutu mayi wamasiye. Ena ankati nkhaniyi ipite kupolisi.

Mayiwo anabwera kunyumba kwanga Loweruka masana, ali ndi alamu awo aja ndi mwana wawo wamkazi wa Fomu 3. Tisanakhudze za shopu, ndinapempha alamuwo kuti andionetse mmene anapezera K819,000.

"Achimwene analipira 35 peresenti," iwo anatero. "Ndiye kuti yatsala 65. Ndatenga 65 peresenti ya 1,260,000, yandipatsa 819,000. Kuphatikiza ndi yomwe analipira, katundu yense ndi 2,079,000."

Theka la maganizo awo linali lolondola, ndipo n'chifukwa chake kulakwitsa kumeneku kumagwira anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino. N'zoona kuti yatsala 65 peresenti. Koma ndi 65 peresenti ya mtengo wonse, womwe sitikuudziwa, osati ya dipoziti. Peresenti siyenda yokha, nthawi zonse imakhala peresenti ya chinachake. Iwo anaikhomera pa nambala yokhayo yomwe inali pamaso pawo.

Sindinawatsutse ndi pakamwa. Ndinawafunsa kuti, ngati katundu yense ndi K2,079,000, theka lake ndi zingati? Anati pafupifupi K1,040,000. Ndinati, nanga malemu analipira zingati? Anakhala chete kanthawi akuyang'ana lisiti. K1,260,000 ndi yoposa theka la K2,079,000, pomwe 35 peresenti sifika n'komwe pa theka. Kenako tinawerengera bwinobwino: 35 peresenti ya K2,079,000 ndi K727,650, osati K1,260,000. Yankho lawo linagwa pomwepo, ndipo analigwetsa okha.

Palinso chizindikiro china chomwe munthu angaonere popanda kalikuleta. Ngati walipira 35 ndipo yatsala 65, yotsalayo iyenera kukhala yaikulu kuposa yomwe walipira, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Balansi ya K819,000 ndi yaing'ono kuposa dipoziti ya K1,260,000. Zimenezi zingatheke pokhapokha dipoziti itaposa 50 peresenti.

Kupeza mtengo wonse

Njira yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi yomwe ija ya ku pulayimale, yoyamba wapeza kamodzi kenako n'kupeza zambiri. Mtengo wonse ndi magawo 100 ofanana. Malemu analipira magawo 35, ndipo magawo 35 amenewo ndi K1,260,000. Gawo limodzi ndiye kuti ndi K1,260,000 kugawa ndi 35, zomwe zikupereka K36,000. Magawo onse 100 ndi K36,000 kuchulukitsa ndi 100, kutanthauza K3,600,000.

Pa kalikuleta ya pa foni ndi mzere umodzi:

```
1260000 ÷ 35 × 100 = 3600000
```

Mwana wa Fomu 3 uja anati kusukulu akanalemba kuti 0.35 kuchulukitsa ndi mtengo ikufanana ndi 1,260,000, kenako n'kugawa mbali zonse ndi 0.35. Ndi samu yomweyo, yangovala malaya ena. Kugawa ndi 0.35 n'chimodzimodzi kugawa ndi 35 n'kuchulukitsa ndi 100. Ineyo ndikakhala ndi anthu akuluakulu ndimapewa 0.35, chifukwa ambiri zimawavuta kukhulupirira kuti ungagawe nambala n'kupeza yankho lalikulu kuposa yomwe unayamba nayo. Anazolowera kuti kugawa kumachepetsa. Ukadzera pa gawo limodzi, palibe sitepe yomwe imadabwitsa munthu: K36,000 ndi ndalama yoti aliyense akuiona m'maganizo, ndipo kuichulukitsa ndi 100 n'kungowonjezera maziro awiri.

Mayiwo anali asanalankhulepo. Ndinaona kuti akungovomera ndi mutu mwaulemu, koma ziwerengerozo sizinawafike pamtima, pomwe ndalama zoti zituluke zinali zawo. Ndinalowa kukhitchini n'kutapa nyemba pang'ono. Kuwerenga nyemba 100 kukanatitayitsa nthawi, ndiye ndinachepetsa: 35 pa 100 ndi chimodzimodzi 7 pa 20, pakuti 5 amalowa mu 35 kasanu n'kawiri ndipo mu 100 amalowa ka 20. Ndinayala nyemba 20 patebulo mumzere, n'kukankhira 7 mbali imodzi.

"Mayi, nyemba zonsezi ndi mtengo wa katundu. Izi 7 ndi zomwe abambo analipira. Zatsala zingati?"

Anawerenga ndi chala. "Zatsala 13."

"Ngati 7 zija ndi K1,260,000, nyemba imodzi ndi K180,000. Tiwerengere limodzi za 13."

Mwana wawo anachulukitsa, n'kupeza K2,340,000. Mayiwo anayang'ana mulu waung'ono, n'kuyang'ana mulu waukulu, ndipo anati, "Ndiye kuti abambo anali asanafike ndi pakati pomwe." Pamenepo ndinadziwa kuti amva. Sinali nkhani yosangalatsa kwa iwo, chifukwa kwa masabata awiri anali akuyembekezera K819,000, koma anaiona ndi maso awo, osati kungouzidwa.

Ndisanalembe yankho lililonse la mtundu uwu ndimaliyesa kawiri. Kuyesa koyamba ndi kongoyerekeza m'mutu. 35 peresenti imaposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho mtengo wonse uyenera kuchepera pang'ono pa dipoziti itachulukitsidwa katatu. K1,260,000 katatu ndi K3,780,000, ndipo K3,600,000 ili pansi pake pang'ono, pamalo pomwe timaiyembekezera. Kuyesa kwachiwiri ndi kubwerera m'mbuyo: 10 peresenti ya K3,600,000 ndi K360,000, katatu ndi K1,080,000, theka la K360,000 ndi K180,000, zonse pamodzi K1,260,000. Tabwerera pa nambala ya pa lisiti ndendende. Kubwerera m'mbuyoku sikutenga mphindi, ndipo kumagwira kulakwitsa kulikonse komwe ndakumana nako pa samu imeneyi, kuphatikizapo kuja kofala kwambiri kotenga 35 peresenti ya dipoziti n'kuiwonjezera pa dipozitiyo, komwe pano kukanapereka K1,701,000.

K594,000 yomwe sinkadziwika kochokera

Zikanakhala za m'kalasi, nkhani ikanathera pamenepa. Koma ife tinali ndi balansi ya K2,340,000 pomwe a shopu ankanena K2,934,000. Kusiyana kunatsika kuchoka pa K2 miliyoni n'kufika pa K594,000, komabe K594,000 ndi ndalama yambiri kwa mayi yemwe amagulitsa zitenje pamsika. Alamu aja anayambanso kutentha: "Mwaona? Akubabe, angochepetsa kuba kwake."

Ndinawapempha kuti tidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ntchito yanga ndaphunzira kuti ziwerengero ziwiri zikasiyana, kusiyanako nthawi zambiri kumakhala ndi dzina. Munthu wofuna kuba satchula K2,934,000, amatchula K3 miliyoni. Nambala yothera mu 934,000 imaoneka kuti yatuluka mu kalikuleta. Ndiye ndinatenga kusiyanako n'kugawa ndi mtengo womwe tinapeza:

```
594000 ÷ 3600000 × 100 = 16.5
```

Aliyense wolemba mabuku a bizinesi ku Malawi nambala imeneyi amaizindikira ngati nkhope ya m'bale wake. Pa nthawiyo msonkho wa VAT unali 16.5 peresenti. A shopu anatenga K3,600,000, n'kuikapo msonkho wa K594,000, zonse n'kukhala K4,194,000. Atachotsapo dipoziti ya K1,260,000 inatsala K2,934,000, ija ananena pa foni.

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pomwe samu yolondola ingathe kumusokeretsa munthu. Kugawa ndi 35 n'kuchulukitsa ndi 100 kumakubwezera nambala yomwe peresenti inawerengedwerapo, basi. Sikukuuza kuti nambalayo inali ya chiyani. K3,600,000 inali yolondola, koma inali ndi matanthauzo awiri otheka. Mwina unali mtengo wa katundu msonkho usanaikidwe, ndipo zikatero a shopu ankanena zoona. Mwinanso unali mtengo womaliza msonkho uli kale mkati, ndipo zikatero a shopu ankafuna kulipiritsa msonkho kawiri, balansi yeniyeni n'kukhala K2,340,000. Lisiti la m'jekete lija silinkasiyanitsa ziwirizi. Linangoti 35%, osanena kuti ya chiyani.

Ndinayesa kuona mbali yomwe ziwerengero zikutsamira. Ngati K4,194,000 ndiye mtengo womwe anagwirizana, K1,260,000 ndi 30 peresenti yake ndi kachidutswa, osati 35. Izi zinangotsimikiza kuti dipoziti sinawerengedwe pa K4,194,000. Ngati K3,600,000 inali ndi msonkho mkati, mtengo wopanda msonkho ukanakhala K3,600,000 kugawa ndi 1.165, pafupifupi K3,090,129, nambala yosongoka yomwe sungaipeze pophatikiza mitengo ya zitseko ndi mawindo. Amisiri amatchula mitengo yozungulira, ya ma 10,000 kapena ma 5,000. Izi zinandipangitsa kuganiza kuti K3,600,000 ndi mtengo wopanda msonkho. Koma ndinawauza mayiwo momveka kuti amenewa ndi maganizo chabe, si umboni, pakuti alipo ogulitsa omwe amatchula mtengo wozungulira msonkho uli kale mkati, n'kudzaupatula okha polemba mabuku. Umboni unali pa pepala limodzi lokha, kotesheni, ndipo kope lake linayenera kukhala ku shopu.

Ku shopu

Tinapita Lolemba m'mawa, ine, mayiwo ndi alamu awo. Ndinawapempha alamuwo pa minibasi kuti mawu oti kuba asatuluke pakamwa pawo mpaka titaona mabuku. Katundu tinamupezadi atatsamiritsidwa kukhoma kuseri kwa shedi, atapakidwa penti yofiira yoteteza dzimbiri, fumbi litakuta. Pa chitseko chimodzi panali dzina la malemu lolembedwa ndi choko. Mayiwo anaima pamenepo kanthawi, ndipo tonse tinawadikira.

Mwini shopu anapepesa maliro, n'kutulutsa buku la makotesheni la mapepala a kaboni. Kope la mu Malichi linalipo, siginecha ya malemu ili m'munsi. Zitseko zachitsulo 3 pa K380,000 chimodzi, zonse K1,140,000. Mafelemu a mawindo 9 okhala ndi zitsulo zotchingira akuba pa K190,000 limodzi, onse K1,710,000. Geti limodzi K750,000. Kuphatikiza zonse, K3,600,000, nambala yomwe tinaipeza patebulo ndi nyemba. Pansi pake panali mzere wa msonkho, K594,000, kenako K4,194,000.

Ndinafunsa chifukwa chomwe anawerengera dipoziti pa mtengo wopanda msonkho. Anati ndi mmene amachitira nthawi zonse: dipoziti ndi yogulira zitsulo, ndiye amaiwerengera pa mtengo wa ntchito, msonkho amautolera pomaliza. Ndinapemphanso kuona chiphaso chawo cha msonkho, chifukwa woyenera kutolera VAT ndi yekhayo amene analembetsa ku MRA, ndipo wogula ayenera kulandira lisiti la makina, osati lolemba pamanja lokha. Chiphaso chinali pakhoma, makina anali pa kauntala. Sindinapeze chinyengo chilichonse.

Cholakwa chomwe ndinapeza n'chaching'ono pochiona, koma ndi chomwe chinabala mkangano wonsewu. Lisiti la dipoziti linalibe mtengo wonse, linalibe balansi, linalibe ngakhale nambala ya kotesheni. Wolemba lisitilo ankadziwa kuti 35% ndi ya chiyani, malemu ankadziwanso, ndiye onse awiri anaona ngati palibe chifukwa cholembera. Mmodzi atachoka, pepalalo linatsala likunena theka la nkhani. Ndinamuuza mwini shopu maso ndi maso kuti mizere itatu yokha ikanateteza mbiri yake, yomwe kwa masabata awiri inkaipitsidwa m'banja lina iye osadziwa. Anavomera.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndiyenera kuwayamikira. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zitsulo sinkakhazikika, ndipo makotesheni ambiri ankakhala ndi masiku owerengeka ogwirira ntchito. Ndinkaopa kuti atiuza kuti mitengo ya mu Malichi inatha. Iwo anati zitsulo anagula sabata yomwe analandira dipoziti, choncho mtengo ukhala womwewo. Zikanakhala kuti anasintha mtengo, samu yathu ikanatiuzabe mtengo wa tsiku lomwe dipoziti inaperekedwa, osati wa tsiku lotenga katundu. Awa ndi malire ena a njirayi: imayang'ana kumbuyo, pa tsiku la mgwirizano.

Pomwe samuyi imapereka yankho loyandikira chabe

Nkhani ya mayiwa inali yoyera chifukwa K1,260,000 inagawika ndi 35 popanda chotsala. Si nthawi zonse zimatero, ndipo ndikufuna anzanga olemba mabuku achenjere ndi chinthu chimodzi chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri: dipoziti yozunguliridwa.

Tiyerekeze kuti katundu ndi wa K3,655,000. 35 peresenti yake ndi K1,279,250. Wogulitsa sangavutike ndi K250, amangoti "patseni 1,280,000," n'kulembabe 35% pa lisiti. Munthu wobwerera m'mbuyo kuchokera pa K1,280,000 apeza K3,657,142 ndi matambala. Dipoziti inasunthidwa ndi K750 yokha, koma yankho lasuntha ndi K2,143, chifukwa kwacha iliyonse yolakwika pa dipoziti imachulukitsidwa ndi 100 kugawa ndi 35, pafupifupi katatu. Peresenti ikachepa, vutoli limakula. Pa dipoziti ya 10 peresenti kulakwika kulikonse kumachulukitsidwa ka 10, moti K5,000 yowonjezera pa dipoziti imasanduka K50,000 pa mtengo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Ukagawa n'kupeza yankho la matambala osatha, dziwa kuti mwina dipoziti inazunguliridwa, kapena peresenti yomwe wauzidwa si yeniyeni. Yankho lotero ndimalilemba ndi mawu oti "pafupifupi," ndipo sindilola kuti munthu akakangane nalo pa kauntala ngati kuti ndi mtengo weniweni.

Chimodzimodzi ndi ndalama yotumizidwa pa foni. Anthu ambiri potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba amawonjezerapo yochotsera, kuti wolandira apeze ndalama yathunthu. Uthenga wa pa foni umaonetsa ndalama yonse yomwe yatumizidwa, pomwe dipoziti yeniyeni ndi yocheperapo. Ukawerengera kuchokera pa uthengawo, yochotsera ija nayonso imachulukitsidwa n'kulowa mu mtengo. Nambala yoyambira iyenera kukhala yomwe wogulitsa analemba kuti walandira ngati dipoziti.

Mmene zinathera

K2,934,000 mayiwo analibe. Ndalama za chipepeso ndi zomwe anasunga ku banki m'khonde zinkangopitirira K2 miliyoni pang'ono. Mpanda unali usanamangidwe, ndiye geti silinali lofulumira. Mwini shopu anati geti ndi la muyezo wofala, akhoza kuligulitsa kwa wina, mosiyana ndi mafelemu omwe anayezedwa pa mabowo a nyumbayo. Anavomera kulichotsa pa oda popanda chilango.

Alamu aja anafulumira kufunsa ngati tiwerengerenso 35 peresenti pa mtengo watsopano. Ndinati ayi, peresenti ija yamaliza ntchito yake. Inatithandiza kupeza mtengo woyamba, koma chomwe malemu anapereka ndi ndalama, K1,260,000, ndipo ndalamayo sisintha chifukwa choti oda yachepa. Ikanawerengedwa pa oda yatsopano ikanapezeka kuti ndi 44 peresenti ndi kachidutswa, koma nambala imeneyo inalibe ntchito kwa aliyense. Wina akanalakwitsa n'kuchotsa 35 peresenti ya mtengo watsopano m'malo mochotsa ndalama yeniyeniyo, mayiwo akanachotseredwa K997,500 yokha, n'kutaya K262,500 ya amuna awo.

Tinawerengera limodzi pa kauntala, mwini shopu pa kalikuleta yake, ine pa yanga. Zitseko ndi mafelemu K2,850,000. Msonkho wa 16.5 peresenti K470,250. Zonse K3,320,250. Kuchotsa dipoziti ya K1,260,000, yotsala K2,060,250. Makalikuleta onse awiri anagwirizana. Ndinapempha kuti pepala latsopano likhale ndi zonse: mtengo wopanda msonkho, msonkho, mtengo wonse, yomwe yaperekedwa, yotsala, ndi nambala ya kotesheni yakale. Mayiwo anasaina, ndipo ndinajambula pepalalo ndi foni ya mwana wawo madzulo ake kuti likhale m'malo awiri.

Analipira Lachinayi la sabata yomweyo n'kulandira lisiti la makina. Alamu awo ndi amene anapeza lole yaing'ono yonyamula katunduyo kupita naye ku Area 25, ndipo asanakwere anabwerera mu shopu kukagwirana chanza ndi mwini wake. Chitseko cholembedwa ndi choko chija mayiwo anauza amisiri kuti achiike kukhomo la kutsogolo, ndipo asafufute dzinalo mpaka tsiku lopaka penti yomaliza.